Mfumu mumzinda: mbiri ya bwalo ndi khoti ku Blantyre

Pa mndandanda wa mawodi a khonsolo ya mzinda wa Blantyre, dera la Ndirande lili ndi mayina monga Matope, Makata ndi Gamulani. Onsewa ndi mayina a ufumu. Nako ku Machinjiri, dzina limene makondakitala a minibasi amafuula tsiku ndi tsiku ndi la mfumu yaikulu ya m'boma la Blantyre. Komatu lamulo la mafumu la 1967, limene likugwirabe ntchito, limanena kuti mfumu ilibe mphamvu m'kati mwa mzinda pokhapokha khonsolo itailola polemba kalata. Papita zaka zoposa 50 lamulo likunena zimenezo, koma lero lomwe ku Bangwe kapena ku Zingwangwa maliro akagwa, uthenga umayamba wafika kwa amfumu anthu asanayambe kulira mokweza.

Midzi inalipo mzinda usanabwere. Pamene amishoni a mpingo wa ku Scotland anafika mu 1876, anapeza dziko lili m'manja mwa mafumu a Chiyao amene anali atangolowa kumene m'dera la Amang'anja, ndipo malo omangapo mishoni anawapatsa ndi Kapeni. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti khoti loyamba lachilendo ku Blantyre linali la amishoni omwewo. Anadzipatsa okha mphamvu zoweruza anthu okhala pa malo awo. Akuba ankakwapulidwa ndi zikoti, ndipo mu 1879 munthu wina amene anamuganizira kuti wapha mayi anawomberedwa ndi mfuti atamuweruza pa mishoni. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula nkhanzazi m'kabuku kamene kanatuluka mu 1880. Mpingo unafufuza, ndipo mu 1881 unachotsa mkulu wa mishoni, Duff Macdonald. Amene analowa m'malo mwake, David Clement Scott, anatenga njira ina. Anaphunzira chinenero, anazindikira kuti anthu a kuno ali kale ndi njira yawo yokambira mlandu, ndipo nkhani zikabuka pakati pa mishoni ndi midzi ankakhala pansi ndi mafumu n'kukamba monga mwa mwambo.

Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, mphamvu zoweruza zinachoka kwa mafumu n'kupita kwa abwanankubwa ndi ma DC awo. Khoti lalikulu linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo lamulo lolikhazikitsa linalola kuti pa milandu ya anthu akuda mwambo uzitsatidwa, bola usatsutsane ndi chimene azunguwo ankachiona kuti ndi chilungamo. Nkhani yoyamba yaikulu imene inakumanitsa mafumu ndi khotili inali ya malo. Malo ambiri ozungulira Blantyre anali atapita kale kwa makampani, amene ankati anawagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mu 1903 woweruza Nunan anamva mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, imene inasainitsa anyakwawa pangano loti anthu awo azilipira lendi kapena kugwira thangata pa malo amene anabadwirapo. Khoti linakana panganolo. Funso limene linali pansi pa mlanduwo silinathe mpaka lero: kodi mfumu ikadinda chala pa pepala la malo, imakhala itapereka chiyani, ndipo ndi chilolezo cha yani?

Mu 1912 boma linayamba kuika mafumu pa ntchito yake, makamaka yothandiza kutolera msonkho. Mu 1933 linapita patsogolo, n'kupereka kwa mafumu aakulu makhoti awoawo, okhala ndi alembi, mabuku ndi amesenjala, oweruza milandu ya maukwati, ngongole, malire a minda ndi milandu ing'onoing'ono yaupandu. Nthawi yonseyi tauni ya Blantyre inali ya azungu ndi amwenye. Anthu akuda ogwira ntchito m'makampani ndi m'nyumba za mabwana ambiri ankagona kunja kwa malire a tauni, m'midzi monga ya ku Ndirande. Wobwera kuchokera ku Mulanje, ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay ankapita kwa nyakwawa ndi kangachepe m'manja, n'kulozeredwa pomanga kanyumba. Umu ndi mmene midzi inasandukira malokeshoni. Blantyre ndi Limbe zitaphatikizidwa mu 1956, kenako malire a mzinda n'kumakula, mzinda unameza midzi imene inali kale ndi eni ake, manda ake ndi mabwalo ake. Pa mapu malo anasintha mwini. M'mitima ya okhalamo sanasinthe.

Omenyera ufulu sankawakonda kwenikweni makhoti a mafumu. Mafumu ena anali atagwiritsidwa ntchito kulipiritsa anthu chindapusa pa malamulo a malimidwe, ndipo ena ankaonedwa ngati ali kumbali ya chitaganya. Choncho mu 1962, dziko lili pafupi kudzilamulira, panabwera lamulo la makhoti a m'madera limene linalekanitsa ufumu ndi ntchito yoweruza. Makhoti aja anapatsidwa apampando osankhidwa ndi boma. Amene anatsogolera kusinthaku anali Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino. Patapita zaka zisanu, lamulo la 1967 linatseka mzinda kwa mafumu. Zikanatha pomwepo, mbiri ino ikanakhala yaifupi.

Koma kuyambira mu 1968 mpaka 1970 malokeshoni a Blantyre anagwidwa ndi mantha. Anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, ena matupi awo atadulidwadulidwa, m'nkhani imene imadziwika ndi dzina la Chilobwe ngakhale inakhudzanso madera ena. Mphekesera zinawanda zoti boma likutumiza magazi a anthu ku South Africa pobweza ngongole. Mu 1969 anthu amene apolisi anawagwira anamasulidwa ndi khoti lalikulu chifukwa umboni unali wosakwanira. Dr Banda anapsa mtima. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inasintha lamulo, makhoti a m'madera anatchedwa makhoti a makolo, ndipo pamwamba pawo panaikidwa makhoti atatu a m'zigawo ndi limodzi la apilo, okhala ndi mphamvu zoweruza milandu yakupha, kenako ndi youkira boma, mpaka kupereka chilango cha imfa. Pa mpando panali mafumu ndi munthu mmodzi wodziwa malamulo. Owaika ndi kuwachotsa anali nduna ya zachilungamo, imene inali Dr Banda yemweyo. Loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu, ndipo apilo sinkapita ku khoti lalikulu. Oweruza achizungu a khoti lalikulu anatula pansi ntchito posagwirizana ndi zimenezi.

Khoti la chigawo cha kummwera linkakhala ku Soche, pafupi ndi Zingwangwa. Khoti limeneli ndi limene linaweruza Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977, ndiponso Gwanda Chakuamba, amene anapatsidwa zaka 22. Kumeneko anaimikidwanso Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, atagwidwa kumapeto kwa 1981. Munthu amene anachotsa mafumu pa mpando woweruza anaweruzidwa ndi mafumu, opanda loya, atakanizidwanso mboni zimene anapempha. Mu 1983 awiriwo anagamulidwa kuti aphedwe. Apilo inakanidwa mu 1984, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira ku ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Ine sindivomereza kuti makhoti amenewa anali a makolo. Pa bwalo lenileni munthu sabwera yekha. Amabwera ndi amalume ake, ndi ankhoswe, ndi aliyense woti amulankhulire. Nduna zimafunsa mbali zonse, gulu limang'ung'udza likamva bodza, ndipo mfumu imalankhula pomaliza itamva kumene mtima wa anthu walowera. Mfumu yogamula mokondera imaona anthu akusamuka. Ku Soche kunalibe chimodzi mwa zimenezi. Boma linabwereka nkhope za mafumu kuti lizembe malamulo a umboni, ndipo mafumuwo ankadziwa kuti amene anawaika angathe kuwachotsa m'mawa mwake. Makhotiwa anaimitsidwa mu 1993, ndipo chilonda chake ndi chimene chinachititsa kuti olemba malamulo aakulu a dziko a 1994 aike mpanda wolimba. Gawo 110 limalola nyumba ya malamulo kukhazikitsa makhoti oyendetsedwa ndi mafumu kapena anthu wamba, koma a milandu ya mwambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Makhoti a makolo a m'munsi ambiri anasandutsidwa makhoti a majisitireti.

M'malokeshoni, nthawi ya chipani chimodzi, ntchito yambiri ya ufumu inkagwiridwa ndi matcheyamani a nthambi za chipani. Iwo ndiwo ankaitanitsa okangana, kulengeza maliro ndi kudziwa mlendo amene wafika. Chipani chimodzi chitatha, mpando umenewo unatsala wopanda munthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. M'zaka zimenezo mafumu a m'tauni anachuluka. Kafukufuku wa Diana Cammack, Edge Kanyongolo ndi Tam O'Neil wa mu 2009 anaonetsa kuti mafumuwa sali a mtundu umodzi. Alipo a magazi, olowa ufumu wa makolo awo, odziwika kwa mfumu yaikulu monga Kapeni kapena Machinjiri, ena mwa iwo olandira mswahala. Alipo ena osankhidwa ndi anthu a m'dera, kapena oikidwa ndi mfumu ya magazi kuti aziyang'anira chigawo, amene ambiri amawatchula mabuloko lida. M'madera opimidwa, kumene mapuloti anagawidwa ndi bungwe la nyumba la MHC n'kudzapita m'manja mwa khonsolo mu 1992, anthu a mitundu yosiyanasiyana anadzisankhira okha munthu wachikulire wokhazikika n'kuyamba kumutchula amfumu. Mu 2015 unduna wa maboma aang'ono unakumbutsa dziko kuti lamulo silizindikira mafumu m'mizinda ndipo unafuna kuwaimitsa. Panabuka phokoso lalikulu, ndipo mafumuwo alipobe.

Chimene chimawasunga si lamulo koma manda, umboni ndi kalata. Manda a khonsolo ndi olipira, pamene manda a mudzi amatsegulidwa ndi mawu a mfumu, ndipo adzukulu sagwira khasu mfumu isanalole. Munthu amene sapita kumaliro a anzake kapena amanyoza kuitana kwa bwalo amadziwa kuti tsiku lina adzafuna anthu omukumbira manda. Mphamvu yokakamiza ya mfumu ya m'tauni imathera pamenepo. Ilibe selo, ilibe wapolisi, siingalande katundu wa munthu. Koma ili pafupi, imamva mlandu Loweruka kapena Lamulungu masana anthu ataweruka, m'chinenero chimene onse akumva, ndipo chabwalo chimene mbali ziwiri zimapereka n'chochepa poyerekeza ndi ndalama za minibasi zopitira ku khoti la Midima kapena la Dalton mobwerezabwereza mlandu ukamangoimitsidwa.

Kuti tione pamene mphamvu za awiriwa zimakumanirana, tiyerekeze nkhani ya mtundu umene umafika pa mabwalo a m'malokeshoni kawirikawiri. Bambo wina anagula kamalo ku Bangwe, kumtunda kosapimidwa, kwa munthu amene ankalimapo. Anapita kwa amfumu, ndipo mgwirizano unalembedwa pa pepala la m'kope: dzina la wogulitsa, la wogula, mtengo, mboni ziwiri, chidindo cha mfumu. Malire analozedwa ndi mtengo wa mango ndi ngalande. Anamanga nyumba yake ndi zitseko zitatu za lendi kuseli. Patapita zaka wamwalira osasiya wilo, wasiya mkazi ndi ana. Maliro atatha, abale a mwamuna ochokera kumudzi akuti nyumbayo ndi ya m'bale wawo, mayiyo abwerere kwawo, ndipo ayamba kale kutolera lendi.

Mayiyo amayambira kwa ankhoswe. Zikakanika amapita kwa amfumu, amapereka chabwalo, ndipo mfumu imatuma nduna kukaitana mbali inayo. Pa bwalo mfumu ili ndi chinthu chimene majisitireti alibe: inalipo pamene malowo ankagulidwa, inaona amene ankaumba njerwa ndi kutunga madzi omangira, ikudziwa ngati awiriwa ankakhala monga banja. Mfumu yodziwa ntchito yake imauza abalewo kuti mwambo wa kumudzi kwawo sungagwire pano, chifukwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Abale amapatsidwa zovala kapena kanthu kena ka chikumbutso, lendi imabwerera kwa ana, ndipo chibale chimatsala chamoyo, zimene khoti silingalonjeze.

Abalewo akakana, chigamulo cha mfumu chilibe mano pamaso pa lamulo. Mfumu imalemba kalata yotumiza nkhaniyo kutsogolo, ndipo mayiyo amaitenga kupita nayo ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa DC ndi ku ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, kapenanso ku bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka. Lamulo silinena kuti munthu ayambe wadzera kwa mfumu, koma apolisi ndi alembi a khoti amakonda kufunsa ngati nkhaniyo inakambidwapo kumudzi. Khoti likatulutsa masamoni, wokana kubwera angathe kugwidwa. Likagamula, asherifi angathe kutulutsa munthu m'nyumba. Wosakhutira amachita apilo ku khoti lalikulu ku Chichiri. Mfumu ija, imene inali woweruza pa bwalo lake, imaitanidwa kudzaima m'bokosi ngati mboni, kulumbira ndi kufunsidwa mafunso monga munthu wina aliyense. Abale akanena kuti mayiyo sanali mkazi wa ukwati chifukwa panalibe chinkhoswe, umboni wa mfumu umalemera kwambiri, pakuti lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira banja la anthu amene akhala limodzi zaka zisanu kapena kuposerapo n'kumadziwika kwa anthu ngati banja.

Njira imeneyi imasokonekera mfumu ikasunga mlandu umene si wake. Kugwiririra mwana, kuvulaza munthu kwambiri ndi kupha ndi milandu ya boma, ndipo bwalo limene lingalipiritse wogwiririra mbuzi kapena ndalama n'kutseka nkhani limakhala litaba chilungamo cha mwanayo. Chizindikiro chake n'chodziwika: nkhani imakambidwa m'nyumba osati pabwalo, ndipo banja la wolakwiridwa limauzidwa kuti lisapite ku polisi kuopa kuchititsa manyazi mudzi. Ufiti ndi povuta pena. Lamulo la 1911, limene silinachotsedwe, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Anthu ambiri m'malokeshoni amakhulupirira kuti ufiti ulipo, ndipo mwana akati agogo akumuphunzitsa kutamba, gulu limathamangira kwa amfumu. Mfumu ikaweruza kuti gogoyo asamuke, yaphwanya lamulo. Ikakana kumva, gulu lingathe kutenga miyala. Mafumu anzeru amamulowetsa munthuyo m'nyumba mwawo n'kuitana apolisi, ndipo pamenepo ulemu umene anthu ali nawo pa khomo la mfumu ndi umene umapulumutsa moyo kufikira galimoto itafika.

Koma bala lalikulu lili pa malo. Tibwerere ku pepala la m'kope lija. Mayi uja angapambane mlandu wolimbana ndi alamu ake, chifukwa pepalalo ndi umboni wabwino wakuti mwamuna wake analipira ndalama ndipo anamanga. Pepala lomwelo silingamuteteze kwa khonsolo, kwa unduna wa malo, kwa MHC kapena kwa kampani imene ili ndi lizi ya malowo m'kaundula wa boma. M'kati mwa mzinda malo ambiri ali ndi mwini wake wolembedwa, ndipo chidindo cha mfumu sichisamutsa umwini umenewo. Ogula ambiri sadziwa zimenezi mpaka tsiku limene pakhoma palembedwa chizindikiro chofiira. Ena amadziwa koma alibe kolowera, popeza mapuloti opimidwa ndi ochepa ndipo mzera wake ndi wa zaka. Palinso mafumu ndi nduna zawo amene agulitsa malo amodzi kwa anthu awiri, kapena kugawa m'mphepete mwa mitsinje, pansi pa mawaya a magetsi ndi m'mapiri amene kale anali nkhalango zotetezedwa. Wofuna kudziteteza amayamba wafunsa ku khonsolo ndi ku ofesi ya malo ngati malowo ali ndi nambala ya puloti ndi mwini wake, asanapereke ndalama kwa aliyense. Pomwe palibe nambala ndi miyala ya opima, chimene akugula ndi chilolezo cha anansi kuti akhalepo, osati malo.

Mtengo wa chisokonezo chimenechi unaoneka mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Nyumba zambiri za m'phirimo zinamangidwa pa malo ogulidwa mwa njira ya pepala ndi mboni. Khonsolo inali itayesapo kusamutsa anthu m'mapiri, ndipo inadandaula kuti ziletso zotengedwa kukhoti zinkaimitsa ntchitoyo. Sindiika mlandu wonse pa mafumu. Wogawa malo m'phiri analakwa, koma boma limene linasiya anthu zikwizikwi opanda puloti yovomerezeka, kenako n'kulola kuti madzi ndi magetsi zifike m'malo omwewo, ndi andale amene ankapitako kukapempha mavoti, nawonso ali ndi gawo lawo. Khoti nalo linateteza ufulu wa munthu wosathamangitsidwa popanda kumumva, umene ndi ufulu weniweni, koma silikanatha kumupezera malo ena.

Malamulo awiri amene akanatha kulumikiza bwalo ndi khoti sanafike m'malokeshoni. Lamulo la makhoti a m'madera linadutsa m'nyumba ya malamulo mu 2011, ena akulitsutsa pokumbukira za ku Soche, ndipo makhotiwo sanatsegulidwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi mamembala osankhidwa amene theka lawo ayenera kukhala amayi, ndiponso mabwalo a milandu ya malo otsogozedwa ndi mafumu aakulu, okhala ndi njira ya apilo.  Koma linapangidwira malo a makolo, kotero limagwira kumidzi ya Kapeni, Machinjiri ndi Somba kunja kwa malire a mzinda. M'kati mwa malirewo, ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe, mfumu ikupitiriza kumva milandu ya malire, kudinda mapepala ogulitsirana nyumba ndi kulemba makalata opita ku polisi, ndipo maofesi a boma akupitiriza kulandira makalatawo, pamene gawo lija la lamulo la 1967 silinasinthidwe.